Galimoto yanga inkalira ta-ta-ta pokhota, ndinaichedwera mpaka inandithyokera pa Khwekhwelele

Ndimakhala pa boma la Dedza. Galimoto yanga ndi zija zazing'ono za mipando 7 zochokera ku Japani, yaotomatiki, yokoka ndi matayala akutsogolo. Mkati mwa sabata ndimapitira kuntchito, Loweruka ndimakatengera mbatatesi ndi kabichi ku Bembeke, nthawi zina ku Lizulu, zoti mayi akunyumba azigulitsa. Ndalemba izi chifukwa vuto limene ndikanathana nalo ndi ndalama zosafika K30,000 linandidyera zoposa K300,000, komanso linatsala pang'ono kutibwezera kuphedi ine ndi abale anga anayi. Mitengo imene nditchule ndi ya nthawi imeneyo, panopa inakwera.

Zinayamba mu Ogasiti, nthawi ya fumbi. Mnyamata amene amanditsukira galimoto anandiitana n'kundionetsa mkati mwa limu ya tayala lakutsogolo, lakumanzere. Munali zinthu zakuda zonata, zowazika kuzungulira limu yonse, zina zitafika pa shoko ndi pa pulasitiki wa m'mwamba mwa tayala. Anati, "Abwana, izi ndapukuta kawiri, koma zikubwereranso. Kaonetseni kugalaja." Ine ndinaganiza kuti ndi phula la pamsewu, popeza masiku amenewo ndinadutsa pamene ankamata maenje. Galimoto inkayenda bwinobwino, yosalira paliponse, ndiye ndinangomuthokoza n'kumapita.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti zakudazo anali girisi wa mu sivi joyinti. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo, mphamvu ya injini imachoka mu giyabokosi kupita ku tayala lililonse kudzera pa shafiti. Shafitiyo ili ndi majoyinti awiri, ina kufupi ndi giyabokosi, ina kuseri kwenikweni kwa tayala. Ya kutayalayi ndi imene imagwira ntchito yowawa, chifukwa imafunika kuzunguza tayala kwinaku ikupindika, nthawi imene mwakhotetsa chiwongolero ndiponso tayala likamakwera ndi kutsika m'mabampu. Mkati mwake muli timipira tachitsulo, pa galimoto zambiri timakhala 6, toyenda m'timingalande tosalala ngati galasi. Zonsezi zimasambira mu girisi, ndipo chimene chimasunga girisiyo ndi chimphira chamakwinya chomangidwa ndi makilampu awiri. Amakaniko amachitcha buti. Buti ikang'ambika, tayala likamazungulira limamwaza girisi kunja, ndipo pamene patulukira girisi ndi pomwepo polowera fumbi ndi madzi. Nthawi imeneyo joyinti imakhala ikadali yabwino. Kungoitsuka, kuika girisi watsopano ndi buti yatsopano, nkhani yatha.

Mu Okutobala ndinapita kukasintha oyilo. Mnyamata wa pagalajapo ataigonera pansi anandiuza kuti buti yakumanzere yang'ambika. Ndinawerama n'kuona ndekha mng'alu wotalika ngati chala, mkati mwa khwinya lachiwiri kuchokera kumbali yaikulu. Mwezi umenewo ndinali nditangolipira fizi ya ana awiri ndiponso ndinkasunga ya feteleza. Ndinamufunsa ngati pali njira yongogwirizira. Anatenga girisi wachikasu uja wa m'chitini, n'kumukankhira pa mng'alupo ndi chala, kenako anakulunga ndi jumbo n'kumanga ndi mphira ya chubu. Ndinalipira K3,000, mtima uli m'malo.

Apa panalakwika zinthu ziwiri. Jumbo sangapirire pa chinthu chozungulira komanso chopindika nthawi imodzi. Patatha masiku anayi ndinapeza zidutswa zake zikulendewera pa shafiti. Komanso girisi wachikasuyo ndi wa maberingi ndi zina wamba. Joyinti yakunja imafuna girisi wake wakuda, amene amamutcha moli, wopangidwira zitsulo zopanikizana kwambiri. Choipa koposa n'chakuti fumbi la miyezi iwiri linali kale mkati, ndiye kuthirapo girisi pamwamba kunangokhala kukanda phala la mchenga loti lizipala zitsulo.

Mvula itayamba, msewu wa kumunda kumene ndimatenga mbatatesi unasanduka matope okhaokha. Disembala yense ndinkawoloka zithaphwi, madzi ofiira akulowa pa mng'alu uja. Ndikakumbukira, mwezi umenewu ndi umene unapha joyinti yanga.

Kaphokoso kanayamba kumayambiriro kwa Januwale. Ndinali pa msika wa Lizulu, ndikutembenuza galimoto kuti ndiyang'ane ku Dedza. Nditapinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kuponda mafuta pang'ono, ndinamva ta-ta-ta-ta kutsogolo, ngati munthu akugogoda chitsulo ndi msomali. Nditawongola, zii. Ulendo wonse wa pa M1 panalibe chilichonse, ngakhale m'makona aatali aja a pakati pa Lizulu ndi Bembeke. Kanabwereranso pamene ndinkakhotera pageti la kunyumba. Izi ndi zimene zinandipusitsa: ndinkaganiza kuti chinthu chowonongeka chiyenera kulira kwambiri ukamathamanga, pamene ichi chinkalira ndikamayenda ngati munthu wapansi.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa bwino nditagwira joyinti yakufayo m'manja. Galimoto ikamayenda mowongoka, timipira tija timakhala pafupifupi malo amodzi m'timingalande, ndipo mchenga umakumba kadzenje pamalo amenewo. Mukapinda chiwongolero kwambiri, kampira kalikonse kamayamba kuyenda mtunda wautali, kupita ndi kubwerera, tayala likazungulira kamodzi. Ndiye kamagwera m'kadzenje kaja n'kutulukamo, kugweramo n'kutulukamo. Ndiye ta-ta-ta ameneyo. N'chifukwa chake kulirako kumatsatira liwiro la tayala osati la injini, kumakula mukaponda mafuta, ndipo kumachepa kapena kusiya mukachotsa phazi. Zikafika pamenepa chitsulo chadyeka kale, ndipo palibe girisi wobwezera chitsulo.

Mayi akunyumba anakamva tsiku lina tikuchokera kutchalitchi. Anati, "Abambo, galimotoyi ikudandaula, mwaimva?" Ndinayankha kuti ndi kabuti kaja, ndikonza mwezi ukatha. Mu Febuluwale ndinagula buti ya K12,000, ija amati imakwana pa galimoto iliyonse, ndipo ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire amene anzanga amamutama. Asanagwire sipanala anandiuza kuti tipite kaye pa bwalo la mpira. Anatsitsa magalasi onse, anandiuza kuti ndipinde chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono, kaye kumanja, kenako kumanzere, kenako chobwerera m'mbuyo. Iwo anaima panja n'kumayenda m'mbali mwa tayala, khutu lili tcheru. Chobwerera m'mbuyo ndi pamene kanalira momveka zedi. Anachita bwino kuima panja, chifukwa munthu uli pa chiwongolero phokoso limayenda m'zitsulo, sungadziwe bwino mbali imene likuchokera. Ine masabata onsewo nthawi zina ndinkalimva ngati lili kumanja.

Tili pomwepo anandiphunzitsa kusiyanitsa kulira kwa kutsogolo, ndipo zandithandiza mpaka lero. Beringi ya tayala imang'ung'udza, huuu, ndipo imakula mukamathamanga, osati mukamakhota pang'onopang'ono. Zogogoda m'mabampu galimoto ili chowongoka nthawi zambiri zimakhala mabushi, bolojoyinti kapena timalinki. Joyinti yamkati, ya ku giyabokosi, kawirikawiri sichita ta-ta-ta. Imanjenjemeretsa galimoto mukaponda mafuta pokwera mtunda, mukachotsa phazi kunjenjemerako n'kutha. Yanga inali yakunja, yakumanzere, mosakayikitsa.

Anandiuza mosabisa. "Achimwene, buti yokha pano sithandiza. Joyinti yapita. Gulani ina." Atanditchulira mtengo, pafupifupi K75,000, ndinawachonderera kuti angoika buti, ndidzasintha joyinti ndikakolola. Anapukusa mutu koma anachita zimene ndinapempha. Anaitsuka, anaika girisi wakuda, anamanga buti. Ntchito inali K15,000. Pondipatsa makiyi anati, "Musamaipinde mpaka kumapeto, musamanyamuke mwamphamvu pakona, ndipo musaisenzetse katundu. Ku Golomoti musatsikire nayo."

Kwa sabata ziwiri kaphokoso kanachepa kwambiri chifukwa girisi watsopano anadzaza timaenje tija. Ndinayamba kudziuza kuti madala aja ankangofuna kundigulitsa sipeya. Ndimachita manyazi ndikakumbukira maganizo amenewo. Sabata yachitatu kanabwerera, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi sikanalinso ta-ta-ta, kanali kho-kho-kho, komveka ngakhale pa kona wamba ya m'tauni, chiwongolero chili theka. Ndinkachimvanso m'manja, chiwongolero chikugwedezeka pang'ono. Buti ya paliponse ija nayonso inali itayamba kutuluka girisi kukamwa kwake kwakukulu, chifukwa sinkagwira bwino pa mphako ya joyintiyo.

Mu Epulo kunagwa maliro a azakhali ku Mtakataka. Pa maliro munthu suwerengera za galimoto. Ndinanyamula amalume, alongo anga awiri ndi mlamu wanga, tinatsika msewu wa Masasa kupita ku Golomoti, wotsetsereka uja amautcha Khwekhwelele. Potsika sinavute kwenikweni, chifukwa phazi linali pa buleki osati pa mafuta, ndiye joyinti sinkakoka. Ndinayiwala kuti aliyense wotsika Khwekhwelele adzakweranso.

Tinabwerera tsiku lachitatu masana, tili anthu asanu, kumbuyo kuli thumba la mpunga ndi la chimanga zimene anatipatsa kumudzi. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa mmene makona ake alili, opindika ngati chigongono, uku ukukwera. Zonse zimene joyinti yodyeka imadana nazo zinakumana pamodzi: chiwongolero chopindidwa kwambiri, phazi lili pansi pa mafuta, ndi katundu. Pa kona iliyonse inkalira mpaka amalume anasiya kulankhula. Pa kona ina yakuthwa tinangomva phwaa, kenako zitsulo zikukhuluzika pansi. Injini inalira mokweza ngati yachoka m'giya, koma galimoto inaima, kenako inayamba kubwerera m'mbuyo.

Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse ndipo inagwira. Alongo anga anali akukuwa. Ndinaika giya pa P, yoimikira galimoto, n'kuyamba kuchotsa phazi, galimoto inayambanso kutsetsereka. Ndinapondanso, thukuta lili kamukamu, n'kukoka handibuleki mpaka kumapeto. Mlamu wanga anatsika n'kuthamangira miyala ya m'mbali mwa msewu, anatsekera matayala onse anayi, ndipo pamenepo m'pamene ndinachotsa phazi. Miyendo inkanjenjemera moti sindinathe kuima. Ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande.

Izi aliyense woyendetsa galimoto yokoka ndi kutsogolo azidziwe. Joyinti imodzi ikathyoka, galimoto siyenda ndi tayala linalo. Difu, imene imagawa mphamvu ya injini ku matayala awiriwo, imatumiza kuzungulira konse ku mbali yopepuka, ndiye shafiti yothyokayo imangozungulira m'malere, tayala labwinolo osalandira kanthu. Pa chifukwa chomwecho P sagwira, popeza amatseka mkati mwa giyabokosi, ndipo kutsekako kumadalira kuti mashafiti onse awiri akhale olumikizika ku matayala. Chimene chimakupulumutsani ndi buleki ya phazi, handibuleki ndi miyala. Musazimitse injini musanatsekere matayala, chifukwa injini ikazima buleki imalimba mukaiponda kangapo. Handibuleki yanga inali itakonzedwa miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo sindifuna kuganiza zimene zikanachitika ikanakhala yofooka.

Titasuzumira pansi tinapeza buti itaphulika, shafiti itatuluka m'chikho chake, timipira tiwiri tili pa tala. Ndinawaimbira madala aja. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Anangondifunsa ngati tonse tili bwino, kenako anandiuza kuti tisaikoke ndi chingwe. Galimoto yaotomatiki siyenera kukokedwa mtunda wautali matayala okoka ali pansi, ndiponso shafiti yolendewerayo ikanamenya paipi ya buleki kapena zina zapafupi. Ananditsindikiranso kuti wina asamasule nati yaikulu ya pakati pa tayala n'kuchotsa chitsa cha joyinti chotsalacho, chifukwa ndi chimene chimapanikiza beringi. Galimoto ikagudubuzidwa popanda chimenecho beringi imawonongeka. Abale anakwera galimoto zina. Ine ndi mlamu tinadikira mpaka cha m'ma 8 koloko usiku, kukuzizira, pamene lole ya matani atatu inabwera. Kukweza galimoto pa lole pamalo otsetsereka chonchija inali ntchito ina, tinachita kupempha anyamata a m'mudzi wapafupi. Lole inatenga K130,000, anyamata K15,000.

M'mawa mwake atamasula, zinaoneka kuti si joyinti yokha. Shafiti pomenyamenya inadula waya wa sensa ya ABS, ija imathandiza kuti matayala asamakhwekhwereze mukaponda buleki, ndipo pokokeka inawononga silo ya pa giyabokosi, kamphira kotseka oyilo polowera shafiti, oyilo wofiira anali akudontha. Mano a kumapeto kwa shafiti anapulumuka, apo ayi tikanagula shafiti yonse.

Ndiye ndinalakwitsanso kachitatu, nthawi ino chifukwa cha changu. Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80, osatenga joyinti yakale. Pa shopu ina ndinangotchula dzina la galimoto ndi chaka, anandipatsa bokosi, ndinalipira K78,000. Titafika nayo ku Dedza inakana kulowa pa shafiti. Madala aja anatenga choko, anaika chizindikiro pa dzino limodzi, n'kuwerenga kuzungulira: mano amkati a yatsopanoyo anasiyana ndi a yakale ndi limodzi lokha. Galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi majoyinti osiyana malinga ndi injini ndi giyabokosi. Pogula pamafunika kufananitsa mano akunja olowa mu habu, chitsulo chimene amamangirapo tayala, mano amkati olowa pa shafiti, kukula kwa pamene pamakhala silo, ndiponso ngati yakale ili ndi mkombero wa mano wa ABS, yatsopano ikhale nawo wa mano ofanana. Njira yosavuta ndi kukulunga yakaleyo m'nyuzipepala, kupita nayo, n'kuwerenga nokha muli pa kauntala, komanso kutenga nambala ya chesisi. A pashopu anavomera kusintha chifukwa ndinali ndi lisiti ndipo joyintiyo tinali tisanaipake girisi, koma ulendo wachiwiriwo unandidyera tsiku lina ndi K24,000 ya thiransipoti.

Tsiku lomanga ndinakhala pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndikulimbikitsa aliyense kutero. Anatsuka shafiti mpaka kuyera, analowetsa kaye buti ndi kilampu yaing'ono, anaika kawaya kozungulira katsopano kamene kamakola joyinti pa shafiti. Girisi wa m'paketi ya m'bokosimo anamufinyira yense, wambiri mkati mwa timipira, wotsala mu buti. Pomenya joyinti kuti ilowe anaika thabwa pakati, osamenya chitsulo pa chitsulo, mpaka inamveka kuti yakola, kenako anaikoka kuti atsimikize. Asanamange kilampu yaikulu anatukula kukamwa kwa buti pang'ono kuti mpweya ufanane, isakhale yofufuma kapena yophwafuka. Makilampu anawamanga ndi pulayala yake, osati waya kapena timalamba tapulasitiki timene ndimaona ena akugwiritsa ntchito. Nati yaikulu anaika yatsopano, anaimanga ndi sipanala yoyezera, pa galimoto yanga mlingo wake ndi woposa manyutoni-mita 200, n'kuikhomerera pa kampata kake kuti isamasuke. Anati nati imeneyi ikalekeredwa kapena kumangidwa mongoyerekeza, mumabwerera pakatha miyezi yochepa mukudandaula beringi.

Anasinthanso silo, anawonjezera oyilo wa giyabokosi, analumikiza sensa ina yakale ya pa galimoto yophwasula. Ndisanawafunse anapinda chiwongolero n'kuyang'ana buti yakumanja, akutambasula makwinya ndi zala. Inali isanabooke koma m'makwinya munali timing'alu tambirimbiri ngati chidendene cha m'chilimwe. Nthawi ino sindinatsutse. Tinaisintha tsiku lomwelo, ndi buti yopangidwira galimoto imeneyi, K18,000 pamodzi ndi girisi ndi makilampu ake, ndipo joyinti ya mbali imeneyo titaitsegula inali yosalala ngati yatsopano ngakhale kuti yayenda mtunda wofanana ndi inzake ija.

Ndikaphatikiza lole, anyamata, joyinti, maulendo awiri a ku Lilongwe, silo, oyilo, sensa ndi ntchito, zinakwana pafupifupi K360,000, osawerengera za jumbo ndi buti ya mu Febuluwale zimene zinangopita pachabe. Galimoto inakhala masiku 9 pagalaja, Loweruka awiri osapita ku Bembeke, ndipo ndalama ina ndinakongola ku banki m'khonde ya mayi akunyumba, tinamaliza kubweza mu Julayi. Amalume mpaka pano akakwera galimoto yanga amakhala chete tikafika pa kona.

Panopa Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ndiponso nthawi iliyonse ndikachokera ku msewu wa matope kapena wa ziputu za chimanga, ndimaimika galimoto pabwalo, kupinda chiwongolero mpaka kumapeto mbali imodzi, n'kugwada ndi tochi ya pafoni. Buti yakunja imaonekera bwino kuseri kwa tayala popanda jeke. Ndimatambasula makwinya, ndimagwedeza makilampu, ndimapisa chala mkati mwa limu kuona ngati muli zonata, kenako ndimapinda mbali inayo. Mabuti amkati ndimapempha kuti andionere posintha oyilo. Mwezi wathawu ndinapeza kilampu yaing'ono yakumanzere itamasuka pang'ono, girisi atangoyamba kuonekera pa shafiti. Madala aja anaika ina pa K2,500, ndipo sizinatenge mphindi 20.